Mawu a mnzake wa mkwati pa phwando la ukwati wa Madalitso ndi Tiyamike

Zikomo kwambiri otsogolera mwambo. Mwandipatsa mphindi 5, ndipo ndakuonani mwayang'ana kale pa wotchi.

Abusa ndi amayi busa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo athu akuchimuna ochokera ku Chiradzulu, makolo athu akuchikazi amene mwayenda ulendo wonse kuchokera ku Ntcheu, abale ndi alongo nonse, ndakupatsani ulemu wanu.

Dzina langa ndine Yamikani. Mkwati mukumuona wawala mu sutiyu ndinadziwana naye mu 2009, tili Fomu 1 ku Zomba. Bedi langa linali pansi, lake pamwamba. Usiku woyamba womwe anandibwereka shuga masupuni awiri, ndipo pobweza anabweza imodzi ndi theka, akuti supuni yake inali yaikulu. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndapeza mnzanga wamasamu.

Amene mumamudziwa Mada mundivomereza: munthu uyu sagula kanthu osanenerera. Amanenerera kaunjika, amanenerera kabaza, amanenerera ngakhale mu shopu momwe mitengo anachita kumata. Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande akamuona akubwera amatseka chitseko, ngakhale mipando ilipo.

Ndiye m'chaka cha 2022, mwezi wa Ogasiti, anandiuza kuti, "Aise, Loweruka undiperekeze ku Ntcheu, ndikaonekere kwa achibale a Tiya." Tinanyamuka ku Blantyre m'mamawa, kudutsa pa Zalewa, pa Chingeni, pa boma pa Ntcheu, mpaka kukatsika pa Lizulu. Amene mumayenda msewu wa ku Lilongwe mukupadziwa paja: mbali iyi ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, ndipo kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi zimachita kuunjikana m'mphepete mwa tala. Mada akuti, "Kuukwati sapita chimanjamanja, tigule ndowa ya mbatatesi." Nzeru yabwino ndithu.

Tinaima pa bambo wina wachikulire, wa chipewa cha ubweya ndi jekete lakuda. Bamboyo anati ndowa ndi K8,000. Mada anaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. Anatola mbatatesi imodzi, kuitembenuza uku ndi uku ngati dokotala, kenako akuti, "Madala, izi ndi mbatatesi kapena mazira a nkhunda?" Ine kumukoka shati, iye osamva. Akuti ndowayo ndi yophwanyika m'munsi kuti izidzaza msanga. Akuti ku Blantyre zoterezi timapatsa nkhumba. Anachoka kawiri ngati wanyanyala, kubwereranso kawiri. Patatha pafupifupi theka la ola, bamboyo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Tengani pa K5,000, mwana wanga, mwanditopetsa." Mada anapereka ndalama, kenako n'kutambasulanso dzanja: "Nanga basera?"

Anamuikira basera. Njira yonse yopita kumudzi, thumba lili pamutu panga, iye akundiphunzitsa: "Waona aise? Ndalama amasunga choncho. Tiya wapeza mwamuna."

Kumudzi anatilandira bwino kwambiri. Anatiyalira mphasa pakhonde, madzi osamba m'manja, thobwa, nkhuku inafa. Mada anapereka mbatatesi zija ndi manja awiri, atagwada, akuti, "Tasankha zabwino zokhazokha." Amayi anathokoza, n'kutiuza kuti tidikire pang'ono, eni mbumba akubwera, ali kumsika.

Cha m'ma 4 koloko tinamva belu la njinga. Kutukula maso, chipewa cha ubweya. Jekete lakuda. Ndowa yophwanyika m'munsi ili pakaliyala.

Abale anga, ine ndaonapo anthu akuchita thukuta, koma thukuta la pa Lizulu mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwomba chonchija, ndinalionera pa Mada. Anandinong'oneza kuti, "Aise, malire ali pafupi, tithawire ku Mozambique."

A malume anatsamiritsa njinga yawo pamtengo, anakhala pampando mwaufulu, anatipatsa moni mmodzimmodzi ngati sanationepo. Atafunsa za kumudzi, za ulendo, za ntchito, anatembenukira kwa Mada n'kufunsa mofatsa kuti, "Nanga mazira a nkhunda aja afika bwino?"

Mada anangoti, "Afika bwino, bambo." Mawu ake onse a tsiku limenelo anathera pomwepo.

A malume ali pomwe pano, ndi awo akuseka kutsogoloko, ndipo ndi iwo aimira mbali ya kuchikazi ngati nkhoswe. Atsibweni, tsiku lija munanena mawu amene sindinawaiwale. Munati munthu wolimbana ndi K3,000 chonchija, mwana wanu sadzagona ndi njala. Koma munawonjezeranso kuti pa nkhani ya Tiyamike pokha pasakhale zonenerera. Ndikuchitira umboni pamaso pa anthu onsewa kuti pa chinkhoswe, chilichonse chimene munatchula, mnzangayu anangoti "chabwino." Ine mpaka ndinamugwira pamphumi kuona ngati sakudwala malungo.

Tsopano ndilankhule zoona zake, poti kuseka taseka.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, ine ndinkakhala ku Chilobwe. Ndinapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Foni inapita, nyumba inapita, ndipo anansi anga ena sitinawaonenso. Mada anayenda wapansi kuchokera ku Ndirande, mvula ikugwa, kundifunafuna m'misasa mpaka anandipeza nditakhala pakona ya kalasi, nditafunda chitenje cha mayi wina wachifundo. Sanalankhule zambiri. Anavula jekete lake, kundiveka, n'kunena kuti, "Tiye kunyumba."

Ndinakhala kwake miyezi 4, m'chipinda chimodzi. Iye ankagona pansi, ine pabedi, akuti ku Zomba anagona pamwamba zaka zokwanira. Munthu amene amawerenga machesi m'bokosi uja sanandifunsepo ngakhale tambala ya ufa kapena ya magetsi. Ndalama zimene ankasunga kuti agulire mipando ya banja lakeli ndi zimene zinandigulira nsapato ndi malaya oyambira ntchito. Ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti amene anamuuza kuti "mipando idikire" anali alamu anga ali apawa. Loweruka lililonse ankabwera ndi ndiwo zophikaphika m'kontena, ndipo ankabweretsa za anthu atatu.

Alamu, sindinakuthokozenipo bwinobwino. Ndathokoza lero, makolo anu akumva. Mwamuna mwatengayu ndi wouma manja pamsika pokha. Mudzamupirire akamanenerera tomato, chifukwa tsiku la mavuto adzakhuthula zonse ali nazo, ine ndinaziona ndi maso angawa.

Mada, mbale wanga, zaka zonsezi ndimakudziwa ngati munthu wosavomera mtengo woyamba. Lero kutchalitchi abusa atakufunsa, unayankha asanamalize n'komwe funso. Umusamale Tiyamike monga unandisamalira ine, ndipo upose pamenepo. Mukasemphana mawu, usachoke kawiri ngati pa Lizulu paja. Ukhale pansi, mukambirane. Khomo langa ndi lanu nonse awiri, usana ndi usiku, monga lanu linalili langa.

Perekaniperekani akayamba, mphatso yanga ili panjapo: ndowa yodzaza mbatatesi, yogula kwa a malume dzulo, pamtengo umene anatchula, osachotsera.

Ndipemphe tonse tiimirire, aliyense akweze chakumwa chili m'manja mwake. Mada ndi Tiya, Mulungu akusungeni, akupatseni mtendere m'nyumba mwanu, ndipo mukalambe limodzi. Amayi, nthungululu zimveke!