Pulani ya phunziro la masamu, kalasi yachiwiri: kuphatikiza kokhala ndi kusunga (27 + 15)

Pulaniyi ndi ya Lachiwiri m'mawa, kalasi yachiwiri pasukulu yathu kuno ku Angonia kufupi ndi Ulongwe, ana 62, mphindi 45. Ndalembera inu aphunzitsi atsopano amene mukutenga kalasiyi. Tiphunzitsa m'Chinyanja koma mawu a Chipwitikizi a makumi ndi maumodzi, dezena ndi unidadi, muziwatchula ndithu chifukwa akumana nawo m'buku.

Zolinga: pomwe belu likulira mwana athe kumanga timitengo 10 kukhala mtolo umodzi n'kunena kuti ili ndi khumi limodzi, athe kuphatikiza manambala awiri ngati 27 ndi 15 ndi timitengo, kenako alembe samu yomweyo mkope kasungidwe kali pamalo pake. Musalembe kuti "ana amvetse kuphatikiza", kumvetsako simungakuone ndi maso, lembani zomwe mwana achite inu mukuona.

Zipangizo: gulupu iliyonse mitolo 6 yomanga kale ndi timitengo 20 tomasuka, luzi kapena timalabala, choko, bolodi. Magulupu akhale 10. Timitengoto auzeni abweretse Lolemba n'kumangiratu tsiku lomwelo, mukati mumange mphunziro nthawi yonse ithera pompo.

Poyambira, mphindi 5. Imbani nawo kanyimbo kowerenga mpaka 10 akuomba m'manja, mukatero kwezani mitolo 2 ndi timitengo 7 mufunse kuti ndi zingati. Ndiye nkhani: amayi agulitsa mbatatesi pamsika apeza 27 metikali m'mawa, masana apezanso 15, ali ndi zingati? Musayankhe, asiyeni aganize.

Chatsopano, mphindi 15, apa ndiye pali phunziro lonse ndipo musathamange. Jambulani mizere iwiri pabolodi, kumanzere makumi kumanja maumodzi. Itanani mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi kutsogolo, wina agwire mitolo 2 ndi timitengo 7, winayo mtolo 1 ndi timitengo 5. Ayambe kuphatikiza tomasukato kalasi yonse ikuwerenga mokweza, tikwana 12. Funsani, "Ana inu, 12 angakhale yense ku maumodzi?" Ena ati eee ena ayi, palibe vuto, dikirani mpaka wina anene kuti timange khumi. Amange yekha mwanayo ndi manja ake, anyamule mtolowo akauike kwa inzake, totsala 2. Mitolo tsopano 4, ndiye 42. Pamenepo mpamene mukulemba ka 1 kaja pamwamba pa makumi n'kuloza kuti aka ndi mtolo uja wamanga mnzanuyu. Mukayamba ndi "lemba 2 sunga 1" asanamange aziloweza ngati nyimbo koma ukawafunsa kuti 1 wachokera kuti amangokuyang'ana, ndipo amenewa ndi amene amadzavutika ndi kuchotsera kobwereka. Bwerezani ndi 36 + 18, nthawi ino inu khalani chete ana azikuuzani chochita.

Kuyeserera, mphindi 15. M'magulupu achite 19 + 23, 38 + 24 ndi 45 + 15, timitengo kaye kope pambuyo, ndipo womanga mtolo azisinthana osati yemwe uja wochenjera yekhayekha. 45 + 15 ndaiika dala, akamanga khumi sipatsala kanthu ndipo ambiri amasiya malo opanda kanthu mmalo molemba 0. Inu muziyendayenda, yambirani kumbuyo kwa aja samakweza mkono.

Kuyesa, mphindi 10, aliyense payekha, timitengo tikhale pomwepo kwa amene akutifuna. Lembani 26 + 17, 35 + 12 ndi 48 + 25. Mayankho 43, 47, 73. Pochonga musangoika tiki ndi mtanda, onani kuti walakwa bwanji. Wolemba 313 pa samu yoyamba walemba 13 yense pansi, sanamange, abwerere ku timitengo. Wolemba 33 wamanga koma mtolo wauiwala panjira, ameneyu wangotsala pang'ono. Wolemba 57 pa yachiwiri akusunga paliponse ngakhale pomwe khumi silinakwane, ndiye kuti waloweza chabe. Makope 62 simungathe kuchonga m'mphindi 10, chongani mizere iwiri mkalasi enawo tolerani. Ngati ana osachepera 45 akhoza ziwiri mwa zitatuzo mawa pitirirani, akachepera bwerezani ndi makobidi a 10 metikali ndi a 1 metikali ojambula papepala.

Tepese, ntchito yokachitira kunyumba: 29 + 14 ndi 17 + 17, kuonjezera apo aliyense apange samu yake ya kumsika kapena kumunda adzafunse anzake Lachitatu. Kunsi kwa pulaniyi lembani mukangotuluka mkalasi mayina a ana omwe anavutika ndi gawo lomwe linadya nthawi, tidzaonere limodzi Lachisanu tisanapite ku msonkhano wa zipi, uja wa aphunzitsi a sukulu za m'dera lathu.