Pulogalamu ikukana kulowa pa kompyuta yathu yatsopano, ikulemba 0x851A001A

Okondeka a gulu lothandiza makasitomala,

Ndikulemba kuchokera ku Nkhotakota, ku kopaletivi yathu ya alimi a mpunga kufupi ndi mtsinje wa Bua. Ndine mlembi wa gululi, ndiponso ndine amene ndimasamala makompyuta mu ofesi. Takhala tikugwiritsa ntchito pulogalamu yanu yowerengera katundu ndi ndalama kwa zaka zitatu, ndipo laisensi yathu ndi ija nambala yake imathera ndi 7714.

Kuyambira Lachiwiri lapitali ndikulephera kuika pulogalamuyi pa kompyuta yatsopano yomwe tagula. Yakale ija yatopa, ikumatentha n'kuzima yokha masana, komanso ili ndi Windows 10 yomwe nthawi yake yolandira zokonzedwa inatha pa 14 Okutobala 2025. N'chifukwa chake komiti inavomereza kugula ina.

Yatsopanoyi ili ndi Windows 11 Pro, 64-bit. Ndikalemba winver ikuonetsa Version 24H2, OS Build 26100. Memole yake ndi 8 GB. Disiki ndi imodzi yokha, ya mtundu wa NVMe, ya 512 GB, ndipo malo opanda kanthu ndi opitirira 400 GB. Sinagawidwe, yonse ndi C:. Fayilo yomwe ndikuika ndi setup.exe ya 4.2.1, yomwe ndinakopera mu akaunti yathu pa tsamba lanu.

Ndimatsegula setup.exe posankha Run as administrator, ndimavomereza zonse monga mmene zabwerera, osasintha foda kapena china chilichonse. Gawo loyamba limadutsa bwinobwino. Ikafika pamene yalemba kuti ikuika SQL Server 2019 Express, mzere wobiriwira uja umayenda mpaka chakumapeto, kenako n'kuima. Imakhala choncho mphindi pafupifupi 6, ndinawerengera pa foni, kenako pamatuluka uthenga uwu:

```
Wait on the Database Engine recovery handle failed.
Check the SQL Server error log for potential causes.
Component error code: 0x851A001A
```

Ndikadina OK, pulogalamu yanu imabweza zonse zomwe inaika n'kutseka. Sindinafike n'komwe polemba nambala ya laisensi.

Ndayesa kanayi, ndipo kanayi konse yaima pamalo omwewo ndi uthenga womwewo. Ulendo woyamba ndinkaganiza kuti ndi magetsi, poti kuno amathimathima, koma maulendo atatu enawo kompyuta inali pa batire la sola ndipo sinazime ngakhale kamodzi. Ulendo wachiwiri ndisanayambe, ndinachotsa zotsalira za SQL Server mu Installed apps n'kuyatsanso kompyuta. Wachitatu ndinayamba ndamaliza Windows Update yonse. Wachinayi ndinaimitsa kaye pulogalamu yoteteza ku mavairasi, ndipo ndinaibwezeretsa nditangomaliza. Palibe chomwe chinasintha.

Fayiloyo siyoduka. Netiweki kuno imavuta, choncho ndinaikayikira poyamba, koma ndinaipima ndi lamulo ili ndipo nambala yomwe inatuluka ikufanana ndendende ndi yomwe munalemba pansi pa fayiloyo:

```
certutil -hashfile setup.exe SHA256
```

Ndikupempha kuti musandiuze kuti ndikoperenso. Ulendo woyamba uja inandidyera bandulo yonse ndi usiku wathunthu, foni nditaitsamiritsa pa windo la ofesi pomwe netiweki imagwirako.

Tsono pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchione bwino. Nditatsegula fayilo ya ERRORLOG ndinapeza mzere uwu chakumapeto, ukunena za master.mdf:

```
There have been 256 misaligned log IOs which required
falling back to synchronous IO.
```

Zimenezi zinandipangitsa kukayikira disiki. Ndinatsegula Command Prompt ngati woyang'anira n'kulemba lamulo ili, ndipo ndakopera mizere iwiri yomwe ndikuona kuti ndiyofunika:

```
fsutil fsinfo sectorinfo C:
LogicalBytesPerSector :               512
PhysicalBytesPerSectorForAtomicity :  16384
```

Pa kompyuta yakale ija, lamulo lomweli likupereka 4096 pa mzere wachiwiriwo. Ndinabwerekanso laputopu ya msungichuma wathu, yomwe nayo ikupereka 4096, n'kuikapo setup.exe yomweyi kuchokera pa fulashi yomweyi. Inalowa popanda vuto mpaka pofunsa laisensi, ndipo ndinaimira pomwepo n'kuichotsa kuti ndisawononge laisensi yathu. Mmene ndikudziwira, SQL Server imalandira madisiki a 512 ndi 4096 okha, pomwe ena atsopano a NVMe amadzionetsa ndi nambala yokulirapo pa Windows 11. Ine ndikukhulupirira kuti vuto lagona pamenepa, osati pa fayilo yanu kapena pa magetsi. Koma eni ake pulogalamu ndinu, mukhoza kuona chomwe ine chandiphonya.

Ndawerengapo kuti ena amakonza zimenezi powonjezera ForcedPhysicalSectorSizeInBytes mu Registry Editor n'kuyatsanso kompyuta. Ine ndinazisiya dala, sindinayese. M'kompyutamu mudzakhala mayina a alimi athu, makilogalamu omwe aliyense wabweretsa, ngongole za feteleza ndi ndalama zomwe sitinawalipire. Sindingasewere ndi zinthu za anthu pa nzeru yongowerenga. Ndikufuna mundiuze inuyo ngati njira imeneyi mumaivomereza, ndipo ngati mumaivomereza, munditumizire lamulo lenileni loti ndilembe, chilembo ndi chilembo, komanso zoyenera kuchotsa ndisanayesenso. Ngati njira yabwino ndi kugula disiki ina yaing'ono yoti nkhokwe ya pulogalamu izikhalamo, nenani mtundu wake. Kuno sitingaipeze msanga, tiyenera kutuma munthu ku Salima kapena ku Lilongwe, ndiye ndi bwino tikagule kamodzi chinthu cholondola.

Ndifunsenso za laisensi. Yathu ndi ya kompyuta imodzi ndipo idakali pa yakale ija. Kodi tiichotse kaye kumeneko tisanaike pa yatsopano, kapena mumasamutsa ndinu? Ndikuopa kutseka yakale yatsopano isanayambe kugwira, tingakhale manja lende pakati pa ntchito. Zolembedwa zathu zonse ndinazisunga Lachisanu pa fulashi ziwiri, mu fayilo ya .bak, kuchokera mu 3.8 yomwe tikugwiritsa ntchito pano. Munditsimikizire ngati 4.2.1 idzailandira fayilo imeneyi mwachindunji.

Ndaphatika pa uthengawu mafayilo anayi: chithunzi cha sikirini pomwe uthenga uja watuluka, ERRORLOG yonse, zonse zomwe fsutil inatulutsa pa makompyuta atatuwo, ndi Summary.txt yochokera mu foda iyi:

```
C:\Program Files\Microsoft SQL Server\150\Setup Bootstrap\Log
```

Fayilo ya .bak sindinatumize chifukwa muli mayina ndi ndalama za mamembala.

Nkhaniyi ndiyofulumira kwa ife. Alimi ayamba kale kumweta, matumba a Kilombero akufika pa sikelo tsiku ndi tsiku, ndipo Lolemba likubwerali tiyamba kugula mokwanira. Dzulo kompyuta yakale inazima mayi wina ataima pa windo kudikira lisiti lake, mwana ali kumsana, matumba ake 9 atapimidwa kale. Ndinawalembera pa kope, iwo n'kumandiyang'ana ngati akukayika kuti mpunga wawo walowadi m'buku. Anthu anazolowera lisiti losindikizidwa ndipo amalikhulupirira.

Ngati mukufuna kulowa mu kompyutayi muli komweko, nthawi yabwino ndi m'mawa pakati pa 6 ndi 8 koloko, netiweki isanadzaze komanso alimi asanayambe kufika. Mundidziwitse dzulo lake kuti ndigule bandulo yokwanira. Mukhoza kuyankha pa imelo yomweyi kapena kuimba pa nambala yomwe ili mu akaunti yathu, foni imakhala ndi ine.

Zikomo kwambiri, ndikudikira yankho lanu.

Ine wanu,
Mlembi wa kopaletivi, Nkhotakota