Mtengo wa kudina kamodzi wakwera kawiri: muyambe kuyang'ana pati?

Awa ndi mafunso amene eni mabizinesi omwe ndimawayendetsera zotsatsa malonda pa Google Ads ndi pa Facebook amandifunsa CPC, ndiye kuti mtengo wa kudina kamodzi pa malonda awo, ikakwera mwadzidzidzi. Ndawasanja motsata mmene ineyo ndimafufuzira.

Ndadzuka n'kupeza CPC yakwera kawiri. Ndiimitse kampeni?

Ayi, musakhudze chilichonse kaye. Mukayamba kutsitsa apa, kuzimitsa apo, mawa simudzadziwanso chimene chinakweza mtengo ndi chimene mwasokoneza nokha. Sankhani masiku 30 apitawa, muike kuti ziwerengero zizioneka tsiku ndi tsiku, mupeze tsiku lenileni limene mtengo unalumpha. Onaninso kuti anadina ndi anthu angati. Ngati dzulo anadina anthu 6 okha, munthu m'modzi wodina pa mawu okwera mtengo akhoza kukweza avereji yonse. Imeneyo si nkhani yoti n'kusowa nayo tulo.

Chakwera ndi CPC, kapena ndalama zimene zatuluka?

Funso ili ndimalifunsa ndine, chifukwa ambiri amasokoneza ziwirizi. Google imatha kuwononga ndalama zofika kawiri bajeti yanu ya tsiku pa tsiku limodzi, koma pa mwezi wonse sikulipiritsani kuposa bajetiyo kuchulukitsa ndi 30.4. Choncho kuona madola 20 atatuluka pa bajeti ya madola 10 sikutanthauza kuti kudina kwadula. Yang'anani danga la `Avg. CPC` lenilenilo. Ndipo muziliwerenga m'ndalama imene akaunti imalipirira. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankalemba malipoti awo m'makwacha anaona mtengo ukukwera pamene m'madola sunasinthe.

Tsiku ndalipeza. Kenako?

Tsegulani `Change history` mu Google Ads. Apa ndi pamene ndimapeza yankho nthawi zambiri, ndipo ndi pamene anthu safuna kuyang'ana, poti aliyense amathamangira kuloza chala opikisana naye. Tsambali limaonetsa chimene chinasinthidwa, tsiku lake, ndi amene anasintha. Onani tsiku limene mtengo unalumpha ndi masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike.

Loji ina ya ku Mangochi imene ndimaithandiza inkalipira masenti 18 pa kudina kamodzi. Lachiwiri lina mtengo unafika masenti 37. Mwini wake anandiimbira mtima uli m'mwamba, ati mahotela akuluakulu amulowerera. Titatsegula `Change history` tinapeza kuti Lolemba madzulo mphwake, amene amathandiza pa ofesi, anadina `Apply` pa malangizo a patsamba la `Recommendations`, n'kusamutsa kampeni kuchoka pa `Manual CPC` kupita pa `Maximize conversions`. Mnyamatayo sanachite mwanjiru, anaona ngati akukonza.

Dziwaninso kuti kusintha kwina sikufuna dzanja la munthu. Ngati `Auto-apply` ndi yoyatsa, Google imasintha yokha zinthu zina. Nazonso zimalembedwa momwemo.

N'chifukwa chiyani kusintha njira yoikira mtengo kumakweza CPC chonchi?

Pa `Manual CPC` ndinu amene mumaika malire. Pa `Maximize conversions` mwauza makinawo kuti akupezereni ogula ambiri ndi bajeti yonse imene mwapereka, ndiye sasamala kuti kudina kamodzi kwadya zingati. Mukawonjezera bajeti mwakamodzin'kamodzi, amayesetsa kuimaliza, ndipo pa msika waung'ono ngati wathu, pomwe ofufuza mawu anu ndi ochepa, njira yoimalizira ndi kulipira zambiri pa anthu omwewo. Pa `Maximize clicks` onani ngati malire a `Maximum CPC bid limit` akadalipo kapena wina anawachotsa. Pa `Target CPA`, onani ngati ndalama imene munaika kuti muzilipira pa wogula m'modzi inakwezedwa.

Apa musaiwale kuyang'ana ngati kuwerengera ogula kukuyenda bwino. Webusaiti ikakonzedwa, nthawi zina chizindikiro chouza Google kuti munthu wagula chimayamba kulira kawiri pa munthu m'modzi, kapena kulira pa aliyense wongotsegula tsamba. Makinawo amaganiza kuti apeza mgodi, n'kuyamba kukweza mtengo.

Palibe amene anasintha kanthu. Ndiye chavuta n'chiyani?

Kumbukirani kuti CPC ndi avereji, ndipo avereji imabisa zambiri. Tiyerekeze kuti sabata yatha anthu 300 anadina pa masenti 10, ena 100 pa masenti 50. Zonse ndi madola 80 pa anthu 400, avereji masenti 20. Sabata ino otchipa aja atsika kufika 30, odula akadali 100. Ndalama ndi madola 53 pa anthu 130, avereji pafupifupi masenti 41. Mtengo "wakwera kawiri", chonsecho palibe mawu amene adula. Angosowa ndi odina otchipa.

Choncho gawani ziwerengerozo: kampeni ndi kampeni, mawu ndi mawu, foni ndi kompyuta, dziko ndi dziko, komanso `Network`. Mwina kampeni ya ofufuza dzina la bizinesi yanu, imene kawirikawiri imakhala yotchipa, yaima chifukwa malonda ake akanidwa. Mwina `Display Network`, imene imaonetsa malonda anu pa mawebusaiti ena, yasiya kubweretsa anthu. Pa `Location options`, `Presence or interest` imaonetsa malonda anu ngakhale kwa anthu a kunja amene asonyeza chidwi ndi dera lanu, ndipo wodina ali ku London kawirikawiri amadula kuposa wa ku Zomba. Kwa loji zimenezo zikhoza kukhala zabwino. Kwa wogulitsa simenti ku Area 25 ndi kutaya ndalama.

Tsegulaninso `Search terms`, muone zimene anthu analembadi. Mawu a `Broad match`, amene amaonetsa malonda anu ngakhale pa zofufuza zongofanana nawo, amatha kukukokerani ku zofufuza zodula zimene simunazifune.

Nanga opikisana nawo aja?

Tsopano nthawi yawo yakwana. `Auction insights` imaonetsa ena amene akulowa nanu mu okushoni yomweyo. Yerekezani sabata ya mtengo usanakwere ndi ya utakwera. Mukaona dzina latsopano, kapena wakale amene `Impression share` yake yalumpha, kutanthauza kuti malonda ake akuonekera kwambiri kuposa kale, ndi ameneyo. Mtengo umene mumalipira umadalira amene ali pansi panu pa mndandanda, ndiye iye akakweza, inunso mumakwera ngakhale simunasinthe kanthu. Zimachitika kwambiri kumapeto kwa Novembala pa nthawi ya Black Friday ndi poyandikira Khirisimasi. Si nthawi zonse pofunika kulimbana naye. Ena amabwera ndi ukali sabata ziwiri, bajeti n'kuwathera.

`Quality Score` ndiyang'ane liti?

Pambuyo pa zonsezi. Ndi mlingo umene Google imayezera ubwino wa malonda anu. Imayambira 1 mpaka 10, ndipo imachokera pa zinthu zitatu: `Expected CTR`, `Ad relevance` ndi `Landing page experience`. Kawirikawiri siigwa usiku umodzi popanda chifukwa. Tengani foni yanu, mutsegule tsamba limene malonda amalozako ndi bandulo wamba, osati wayifayi ya mu ofesi. Ngati likuchedwa, kapena likukutengerani kwina, mwapeza poyambira.

Pa Facebook n'chimodzimodzi?

Kumeneko kawirikawiri mumalipira kuonetsedwa kwa malonda, ndipo CPC imangotuluka pa masamu:

```
CPC = CPM / (1000 × CTR)
```

CPM ndi mtengo woonetsera malonda maulendo 1,000, CTR ndi gawo la maulendowo limene anthu anadina, ndipo CTR ya 1 peresenti muilembe 0.01. Onani chimene chasuntha. CPM ikakwera, ndi mpikisano kapena gulu limene mwasankha lachepa kwambiri. CTR ikatsika ndi theka, CPC imakwera kawiri ngakhale CPM isasinthe, ndipo `Frequency`, maulendo amene munthu m'modzi waona malondawo, ikakhala ikukwera ndiye kuti anthu atopa nacho chithunzi chanu. Samalaninso kuti musayerekeze `CPC (all)` ndi `CPC (cost per link click)`. Yoyambayo imawerengera kudina kwina kulikonse pa malondawo, n'chifukwa chake imaoneka yotchipa.

Ngati CPC yakwera koma ogula achuluka, ndibweze?

Werengani ndalama zimene mukulipira kuti mupeze wogula m'modzi. Ku loji ya ku Mangochi kuja sitinabweze tsiku lomwelo. Tinaona kaye kuti kuwerengera ofunsa zipinda kukuyenda bwino, n'kudikira sabata ziwiri. Ofunsa anachoka pa 9 kufika pa 11 basi, pamene ndalama zinatuluka zambiri kuposa kale. Tinabwerera ku `Manual CPC`, ndipo mphwake uja tinamusinthira chilolezo kukhala `Read only`.