Za ophunzira a Sitandade 4B: kalata yosiyira Mayi Chirwa

Mayi Chirwa,

Popeza ndasamutsidwa ndipo teremu yachiwiri ikamayamba mu Januwale sindidzakhala pano, ndati ndikulembereni za ana amene mukuwatenga. Kaundula, sikimu ndi kope la zotsatira za mayeso a teremu yoyamba ndazisiya kwa achiwiri kwa ahedi, pamodzi ndi kiyi wa kabati. M'kaundula muli ana 86, atsikana 47 ndi anyamata 39.

Chimene ndikupempha kwambiri ndi ichi: musafulumire kusintha malo amene ana amakhala. Amene ali kutsogolo ali ndi zifukwa.

Chisomo ndi mwana wachialubino ndipo saona patali. Amakhala mzere woyamba, mbali ya khoma kumene sikuomba dzuwa. Mukalemba pabolodi, malembo akhale akuluakulu, ndipo mumulole kuimirira n'kuyandikira osachita kupempha. Akamawerenga amabweretsa buku pafupi ndi nkhope. Musamuletse, ndi mmene amaonera. Tinagwirizana ndi ahedi kuti azivala chipewa ndi malaya a manja aatali, ngakhale pa asembule. Ntchito ya panja dzuwa litakwera asagwire. Poweruka sapita yekha, amadikira mchimwene wake wa Sitandade 7. Tsiku limene mwaweruka msanga, akhale nanu mpaka mkulu wakeyo atafika, ndipo munthu amene simukumudziwa asamutenge, olo anene kuti watumidwa ndi makolo. Pa masamu ndiye wotsogola m'kalasimu.

Pafupi naye pali Yamikani, amene khutu lake lakumanzere silimva bwino. Mukamuitana muli kumbuyo kwake sayankha, ndiye anthu amamuyesa wamwano, pamene ayi. Muziyankhula naye akukuonani pakamwa. Mayi ake ndinawauza kuti apite naye kuchipatala cha boma, koma sanapitebe, chonde akumbutseni.

Tadala amadwala matenda akugwa. Akagwa, chotsani mabenchi pafupi, muikireni chovala chofewa kumutu, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezekako kukatha mumugoneke chammbali. Kukapitirira mphindi 5, tumani mwana kwa ahedi kuti athamangire naye kuchipatala. Anzake poyamba ankamuthawa poganiza kuti matendawa ndi opatsirana. Tinakambirana ndipo zinasintha, komabe zimafuna kubwereza. Pali mwana winanso amene amajomba kamodzi pamwezi kukatenga mankhwala. Dzina lake akuuzani ahedi pakamwa, ndipo musamufunse pamaso pa anzake.

Tsopano za kuwerenga, zimene zikundidetsa nkhawa koposa. Ana 19 sanafike powerenga ndime ya Chichewa paokha. Mayina awo ali pa tsamba lomaliza la kope la zotsatira. Ambiri maliwu amawadziwa, amakodwa pa maphatikizo monga nkha, mphwa ndi ntche. Ndimakhala nawo mphindi 20 ena akaweruka, Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo makadi a maphatikizo ali m'katoni pansi pa kabati. Musanyengedwe ndi kuwerenga kwa onse pamodzi, chifukwa ena amangoloweza n'kumatsatira mawu a anzawo. Mphatso ndi katswiri pa zimenezi: angakuwerengereni tsamba lonse buku litatsekedwa, koma mukaloza liwu limodzi pakati amangokhala chete. Chaka chamawa ku Sitandade 5 adzaphunzira maphunziro ambiri m'Chingerezi, ndiye miyezi yatsalayi ndi yofunika kwa iwowa.

Pa masamu tafika pa kuchulukitsa, koma kuchotsera mobwereka kukufunika kubwerezedwa. Zitsekerero za mabotolo zowerengera zili m'thumba la pakhoma.

Teremu imene mukuyambayi ndi ya mvula ndi njala. Ana a kutsidya kwa mtsinje, amene ndawaika kanyenyezi m'kaundula, amachedwa kapena kujomba madzi akadzadza. Musawalange, ndi bwino achedwe kusiyana n'kuti awoloke mtsinje wosefukira. Ambiri amabwera osadya kanthu, choncho phunziro lovuta ndimaliika akatha kumwa phala. Limbani amakhala ndi agogo ake okalamba ndipo nthawi yopalira amapita kuganyu. Akasowa masiku atatu otsatizana, uzani amayi a Mother Group, amakamutenga ndipo amabwera. Amayi omwewa ndi amene akuthandiza Esnati, wa zaka 14, yemwe ndi wamkulu pa onse ndipo amachita manyazi kukhala ndi ana aang'ono. Akapempha kutuluka, mulekeni apite osamufunsa zambiri. Ndinamupatsa udindo wogawa ndi kutolera mabuku, ndipo chiyambireni kujomba kwachepa. Musamulande.

Mabuku a Chichewa ndi 31, a Chingerezi 28, ndiye amagawana atatuatatu. Denga limadontha pakona ya kumbuyo, kabati isasunthidwire kumeneko.

Nambala yanga ya foni ili ndi ahedi. Imbani nthawi iliyonse, makamaka mukafuna kudziwa za makolo musanawaitane.

Ndine mnzanu pa ntchito,
E. Kamanga
Disembala 2024