Lipoti Lounikira Ntchito ya Gulu ya Chaka Chomaliza: Choumitsira Mango Chogwiritsa Ntchito Dzuwa

Lipotili likufotokoza momwe ntchito ya gulu lathu inayendera kuyambira mu Seputembala 2023 mpaka mu Malichi 2024, ndipo ndalilemba monga mtsogoleri wa gululo. Tinalipo ophunzira asanu a chaka chomaliza a uinjiniya wa zaulimi. Ntchito yathu inali kukonza ndi kuyesa choumitsira zipatso chogwiritsa ntchito dzuwa, choti chithandize gulu la amayi 18 a m'mudzi wina m'boma la Salima, kumene mango ambiri amawolera pansi pa mitengo chaka ndi chaka chifukwa amapsa nthawi imodzi ndipo ogula amachepa. Tinkafuna kuti choumitsiracho chizitha kuumitsa makilogalamu 20 a mango odulidwa pa masiku awiri, kutentha kwa mkati kukhale pakati pa madigiri 55 ndi 60. Choumitsira tinachimanga ndipo chikugwira ntchito, koma tinachifikitsa kumudziko mochedwa ndi masabata asanu ndi limodzi.

Utsogoleri

Anzanga anandisankha chifukwa ndine ndinalemba chikalata chopempha ntchitoyi, osati chifukwa chakuti ndinatsogolerapo gulu. Pa msonkhano woyamba tinagawana maudindo bwinobwino: wina wojambula mapulani, wina msungichuma ndi wogula zipangizo, wina woyang'anira zoyesa ndi kulemba zotsatira, ndipo wina wolumikizana ndi amayi akumudzi. Kugawanako kunathera papepala, chifukwa ine sindinasiye udindo uliwonse m'manja mwa mwini wake. Chilichonse chimene anzanga ankabweretsa ndinkachikonzanso usiku ndili ndekha, ndipo panthawiyo ndinkaona ngati kumeneko ndiko kudzipereka.

Kulakwa kwake ndinakuona pa tsiku limene tinkaonetsa mapulani kwa aphunzitsi otiyang'anira. Usiku wa dzulo lake ndinali nditasintha kupendekeka kwa denga lotolera dzuwa ndiponso kuchuluka kwa mathireyi, osamuuza wojambula. Aphunzitsi atamufunsa chifukwa chimene mathireyi achokera pa 6 kufika pa 8, iye anayang'ana pulaniyo kwa kanthawi, kenako anayang'ana ine, ndipo sanayankhe kanthu. Kuyambira pamenepo anayamba kujomba kumisonkhano. Ine ndinamulemba m'kaundula kuti sakubwera, koma sindinapite kukamufunsa chifukwa. Anadzalankhula yekha patapita mwezi tili mu minibasi, ndipo anati: "Ngati mukufuna kujambula nokha, muzingondiuza, ndisamachezere usiku pachabe." Mawuwo anali oona, ndipo pamapeto pake tinabwerera ku mathireyi 6 amene iye anajambula poyamba, chifukwa kuwerengera kwake kwa kayendedwe ka mpweya ndiko kunali kolondola.

Kuchedwa kwa ntchito

Polemba lipotili koyamba ndinanena kuti chinatichedwetsa ndi kutsika mphamvu kwa ndalama ya kwacha. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa dola imodzi unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pulasitiki yosatha msanga ndi dzuwa, mafeni ndi sola ndi katundu wochokera kunja, choncho zipangizo zimene tinauzidwa kuti tigula pa K310,000 zinafika pa K455,000, pamene thumba lathu lonse linali ndi K420,000, kuphatikizapo ndalama zoyendera. Zimenezi zinachitikadi, koma nditawerenganso kaundula wa misonkhano yathu ndinaona kuti ndikubisala kumbuyo kwake. Msungichuma anabweretsa mitengo pa 17 Okutobala ndipo anapempha kuti tigule sabata yomweyo. Amene anakana ndine, ponena kuti tidikire mapulani athe, pamene mapulaniwo ankachedwa chifukwa ine ndemwe ndinkangowasinthasintha. Tikadagula panthawi imene iye ananena, nkhani ya kwacha sikadatikhudza kwenikweni.

Kuti ndalama zikwane tinachotsa batire ndipo tinagula feni imodzi m'malo mwa awiri. Wowotcherera zitsulo anatichedwetsanso masiku khumi chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo mayeso a pakati pa chaka anatidyera sabata ina.

Choumitsira tinachifikitsa kumudziko pa 13 Januwale 2024, mvula ili mkati. Titatsitsa katundu, mayi wapampando anachizungulira, nagogoda pulasitiki ndi chala, kenako anati: "Ana anga, ntchito mwagwira, koma mwabwera mango atatha." Anatifotokozera kuti kwawoko mango amachuluka kuyambira mu Novembala kufika chakumapeto kwa Disembala, ndiponso kuti ambiri mwa mango awo ndi a makolo, aulusi, amene savuta kudya koma amavuta kudula mopyapyala. Ife tinkayesera kusukulu mango osalala amtundu wa Kent ogula mumzinda. Mnzathu wolumikizana ndi amayiwa anali atatchulapo za nyengo ya mango pa msonkhano wachiwiri, ndipo zinalembedwa, koma sindinaziike pa ndondomeko ya masiku chifukwa ndondomeko yonse ndinaikonza poyang'ana tsiku lopereka lipoti kusukulu.

Zotsatira zake zinaonekera pa zoyesa. Tinagula mango otsalira pamsika wa Salima, ndipo ulendo woyamba kunachita mitambo masiku awiri otsatizana, kutentha sikunapitirire madigiri 41, feni inkaima dzuwa likangobisika popeza panalibe batire, ndipo pa tsiku lachitatu tinapeza mathireyi awiri apansi atachita chuku. Ulendo wachiwiri kunacha bwino, tinafika madigiri 54, ndipo makilogalamu 14 anauma pa masiku atatu. Maulendo ena atatu tinayesera nthochi chifukwa mango anali atasoweratu. Motero zotsatira zimene zili mu lipoti la gulu sizikukwanira kutsimikizira cholinga chimene tinayamba nacho, ndipo tinalemba zimenezi mosabisa.

Zimene ndikadasintha

Choyamba ndikadapita ndi gulu lonse ku Salima mu sabata yoyamba, tisanajambule kanthu, kukaona mitengo, mtundu wa mango, mipeni imene amayiwa amagwiritsa ntchito ndi malo oikapo choumitsira. Ndondomeko ya masiku ndikadaiwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 1 Disembala, tsiku limene choumitsira chinayenera kukhala chili pamalo. Zipangizo zimene sizidalira mapulani omaliza, monga pulasitiki, sola ndi waya wa sefa, tikadagula mu Okutobala, ndipo msungichuma akadakhala ndi mphamvu zogula popanda kudikira ine malinga ngati anthu atatu avomereza.

Chachikulu chimene ndikadasintha ndi khalidwe langa pa ntchito za anzanga. Ndikaona cholakwika ndikadachibweretsa pa msonkhano kuti mwini wake achiteteze kapena achikonze yekha, ndipo mnzathu atajomba kachiwiri ndikadamulondola kuchipinda kwake tsiku lomwelo. Mu Febuluwale tinayesa kusinthana wotsogolera msonkhano sabata iliyonse, ndipo ndi pa msonkhano wotere pamene woyang'anira zoyesa, amene nthawi zambiri ankangokhala chete, anatulutsa ganizo lokweza chumuni ndi masentimita 40 kuti mpweya uzikokeka ngakhale feni itaima. Kusinthako kunatidyera K18,000 yokha.

Choumitsira tinachisiya m'manja mwa amayiwa pamodzi ndi sikelo, choyezera kutentha ndi kope lolembamo kulemera kwa zipatso zisanaume ndiponso zitauma. Tinagwirizana ndi aphunzitsi otiyang'anira kuti awiri mwa ife tidzabwerereko mu Novembala 2024, mango akadzayamba kupsa, kukayesa makilogalamu 20 a mango a makolo monga tinalonjezera poyamba.