Kalata Yofotokoza Kasungidwe ka Makaundula Ojambulidwa

3 Juni 2024

Kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Boma
Kudzera kwa Woyang'anira Chipatala chathu

Bwana,

Mutabwera kudzatiyendera mwezi watha munafunsa m'mene timasungira makaundula tikawajambula pa sikana. Ndalemba kuti ndifotokoze bwino, chifukwa tsiku lija nthawi inachepa.

Ndimajambula Lachisanu lililonse masana, odwala akachepa komanso batire la sola litadzaza. Ndimatenga kaundula wa odwala oyendera, wa sikelo ya amayi oyembekezera, wa sikelo ya ana, wa kulera ndi wa ochira, n'kujambula masamba okhawo amene adzaza. Tsamba lililonse ndimaliyang'ana pa kompyuta ndisanapitirire. Pakhala nthawi zina pamene m'mphepete mwa kaundula, pomwe pali nambala ya wodwala, simunaoneke chifukwa buku ndi lalikulu kuposa galasi la sikana. Tsamba lotero ndimalijambula kawiri, kumanzere ndi kumanja.

Chaka chilichonse chili ndi foda yake, m'kati mwake muli foda ya mwezi. Dzina la fayilo limayamba ndi chaka, mwezi, mtundu wa kaundula, kenako masamba, motere:

```
2024-05_ANC_p041-058.pdf
```

Dzina la wodwala sililembedwa pa fayilo. Ndikamaliza ndimalemba m'buku lachikuto cholimba tsiku, masamba amene ndajambula, ndipo a woyang'anira amasainira. Kaundula wa omwe amalandira mankhwala otalikitsa moyo ali m'foda yakeyake yotseka ndi pasiwedi, yomwe timaidziwa anthu awiri basi: ine ndi a woyang'anira.

Tsiku lomwelo ndimakopera zonse pa hadi dirayivi yomwe imagona m'kabati yachitsulo, ndipo kamodzi pa mwezi ndimatsegula mafayilo asanu kapena asanu ndi limodzi kuti nditsimikize kuti akuwerengeka. Mabuku enieniwo sititaya, amakhala pa shelefu motsatira chaka.

Mu Januwale denga linadontha usiku, madzi n'kulowa m'kaundula wa sikelo ya amayi. Inki inasungunuka pa masamba 9, moti mayina anangosanduka mabala abuluu. Masamba 7 tinawapeza pa kompyuta, ndipo anamwino anatha kudziwa mayi amene anali atalandira kale Fansida ndi amene anali asanalandire. Awiri otsalawo ndinali ndisanawajambule, mpaka lero amandiwawa mumtima.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti kompyuta, hadi dirayivi ndi mabuku zonse zili pansi pa denga limodzi. Moto kapena akuba atabwera, palibe chingatsale. Kutumiza pa intaneti sitingathe, netiweki kuno imagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu kuseri kwa chipatala.

Choncho ndikupempha hadi dirayivi yachiwiri, yotseka ndi pasiwedi, yoti izikhala ku ofesi kwanu. Ndizibwera ndi yathuyi pokapereka malipoti a pamwezi, tizikopera, ndipo wolandirayo azisainira m'buku langa. Mundiuzenso amene mwamusankha kuti aziisunga.

Ine wanu pantchito,

Kalaliki wa Chipatala