Mkuyu wa Kudambo, nthano ya agogo ku Mufakose

Nthano iyi inanenedwa Loweruka madzulo pakhonde la nyumba ina ku Mufakose, muno mu Harare, magetsi atathima. Oinena ndi agogo aakazi amene anabwera ku Salisbury, dzina lakale la Harare, mu 1961, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ali kamtsikana, kuchokera ku Dedza pamodzi ndi makolo awo. Omvera anali adzukulu ndi ana a m'nyumba zoyandikana, ena mwa iwo Chishona ndiye chinawakhala pakamwa. Ndailemba ndi mayankho ndi nyimbo zomwe, chifukwa ukachotsa zimenezo umatsala ndi mafupa okhaokha. "Tilitonse" ankamveka pakutha pa chiganizo chilichonse, koma pano ndamulemba apo ndi apo.

Agogo sayamba nthano ana akadali piringupiringu. Amayamba aponya mwambi.

Agogo: Chilape!
Onse: Nachize!
Agogo: Nyumba ya amayi yopanda khomo.
Onse: Dzira!
Agogo: Muli maso. Padangokhala!
Mwana wina: Dzepfunde!
Agogo: Limenelo ndi yankho la anzathu Achishona, mdzukulu wanga, ukalinene akati paivapo. Tiyambirenso. Padangokhala!
Onse: Tilitonse!
Agogo: Panali mwamuna wina ndi mkazi wake.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Mwatitha.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Chaka china mvula inakana. Chimanga chinangofika m'mawondo, n'kupsa. Nkhokwe mbee! Anthu ankadya gaga, gaga natha. Ankakumba mizu, mizu nitha.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Tsiku lina mwamuna uja anatenga nkhwangwa, ulendo wa kudambo. Yendeyende, anafika pamkuyu waukulu, nakhala pansi, njala itamupanikiza. Kenaka anamva mawu kumwamba kwa mtengo: "Iwe munthu, kwanu uli ndi yani?" Iye anayang'ana uku, anayang'ana uko, nati, "Ndili ndekha ine, agogo." Mtengo uja unati, "Imba, ndikudyetse."

Apa agogo anaimitsa nkhani n'kuphunzitsa ana mawu awo, awiri okha: gwetsa mphika. Anawabwereza mpaka kamwana ka m'manja komwe kanagwira, kenaka anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Agogo: Mkuyu, mkuyu wa kudambo
Onse: Gwetsa mphika!
Agogo: Njala yandipha ine
Onse: Gwetsa mphika!
Agogo: Mkazi ndilibe ine
Onse: Gwetsa mphika!
Agogo: Mwana ndilibe ine
Onse: Gwetsa mphika!

Agogo: Mphika uja phi! Nsima ya ufa woyera, utsi uli tolotolo, ndiwo zake nkhwani wotendera. Anadya, anadya, nanyambita zala. Pobwerera anadzipaka phulusa pamilomo kuti iwoneke yotuwa.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Kunyumba mkazi anamupatsa timizu towawa. Iye amvekere, "Ayi, mpatse mwanayu, ine ndine mwamuna, ndipirira."
Ana: Bodza! Wabodza ameneyo!
Agogo: Mwamuona inu, koma mkazi wake sanamuone.

Sanawakalipire chifukwa chomudula. Anawalandira mawuwo n'kuwalowetsa m'nkhani, ndipo kwa ine luso lawo lili pamenepo. Mwana amene wakuwa kuti bodza sangagonenso.

Agogo: Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mudzi wonse ukuwonda, nthiti zili pamtunda, koma bambo a Mwatitha khosi likunka likula.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Mwatitha anati, "Amayi, kodi munthu amanenepa ndi mphepo?" Amayi ake anati, "Khala chete, mwanawe, amenewo ndi bambo ako." Koma m'mawa kuli mbuu, bambo kutsogolo, mwana pambuyo. Bambo akacheuka, mwana bisale paudzu. Bambo akayenda, mwana nyang'anyang'a. Iwe wakukhomoko, uli nafe?
Mwana: Tilitonse, agogo!
Agogo: Anabisala kuseri kwa chulu, namva nyimbo yonse. Anamva bambo ake enieni akuimba kuti mwana ndilibe ine. Misozi chuu, koma sanalire mokweza. Bambo atachoka, anapita pamtengo paja. Mtengo unati, "Iwe mwana, kwanu uli ndi yani?" Iye anati, "Ndili ndi amayi, ndili ndi agogo, ndi mudzi wonse uli ndi njala."

Nyimbo yachiwiriyi agogo anaiimba ndi mawu aang'ono, onjenjemera, ndipo ana nawo anatsitsa mawu popanda wowauza.

Agogo: Mkuyu, mkuyu wa kudambo
Onse: Gwetsa mphika!
Agogo: Bambo andikana ine
Onse: Gwetsa mphika!
Agogo: Amayi agona ndi njala
Onse: Gwetsa mphika!
Agogo: Mudzi wagona ndi njala
Onse: Gwetsa mphika!

Agogo: Phi! Phi! Phi! Miphika mbwee pansi ponse. Wa nsima, wa nyemba, wa thobwa. Mwatitha sanalawe ngakhale mbamu imodzi. Anathamanga kukaitana amayi ake, amayi anaitana anansi, anansi anakauza amfumu. Anasenza miphika ija usiku, bambo aja ali mkonono.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Tsopano tcherani khutu. Kutacha mwamuna uja anapitanso. Koma mtengo unali utadziwa. Ulendo uno inu ndinu mtengowo. Akaimba, musamupatse mphika. Mumuyankha kuti chiyani?
Mwana wina: Timuuze kuti mwana uli naye!
Agogo: Eya! Amenewo ndiwo mawu anu.

Agogo anatupitsa masaya, nakulitsa mawu ngati a mwamuna wokhuta. Apa m'manja munkawombedwa mofulumira, ndipo amayi awiri amene ankatsuka mbale kuseri anabwera kudzavomera nawo.

Agogo: Mkuyu, mkuyu wa kudambo
Onse: Mwana uli naye!
Agogo: Njala yandipha ine
Onse: Mwana uli naye!
Agogo: Ndati mwana ndilibe ine
Onse: Mwana uli naye!
Agogo: Chonde gwetsa mphika
Onse: Mwana uli naye!

Agogo: Mphika unagwa ndithu, waukulu, wovundikira bwino. Iye kumwetulira. Atangovundukula, mavu! Pamphuno, m'makutu, pakhosi lonenepa lija. Liwiro lake, nkhwangwa anaitaya, chipewa anachitaya, mpaka pabwalo la amfumu.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Anapeza mudzi wonse ukudya. Amfumu anati, "Bambo inu, mukufuna yani? Paja ife tamva kuti mulibe mkazi, mulibe mwana." Mwamuna uja anazyolika, maso atatupa, kusowa chonena.
Onse: Tilitonse!
Agogo: Pamenepo Mwatitha ananyamuka, natenga madzi m'chipanda, nagwada. "Sambani m'manja, bambo." Anawagawira nsima pambale yake yomwe. Bambo aja anadya akulira, ndipo mvula itagwa anali oyamba kulowa m'munda ndi khasu.
Mwana wina: Agogo, nanga mtengo uja ulipobe?
Agogo: Unasiya kugwetsa miphika tsiku limene chimanga chinacha. Amene anandiuza ine ndi agogo anga ku Dedza, ndipo inu mudzauze anu. Nthano yathera pomwepo. Kaphuleni mbatata!
Onse: Yapserera!